Dzina la Dyness Linagwera M'gulu Lachiwiri

Dyness ndi mwamuna wake Nasoni Mbewe ankagwira ntchito malo amodzi, pa bekale ya banja la a Mubarak pa Nsaru, koma anthu ambiri ogula buledi sankadziwa kuti awiriwo ndi banja. Dyness ankagulitsa pakauntala masana, Nasoni ankaphika usiku. Njinga anali nayo imodzi. Kukacha, Nasoni ankanyamuka kuntchito pa njingayo, Dyness n'kunyamuka kunyumba wapansi, ndipo ankakumana pa kamlatho ka matabwa kamene kali pakati pa mudzi wawo ndi msika. Apo Nasoni ankatsika, ufa uli mbuu m'nsidze, n'kupereka njinga.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, kaya inu a Mbewe? Ndiwo zili m'kapoto kakang'ono. Nkhuku musaiwale kuzitsekulira."

"Tayala lakumbuyo lachepa mpweya. Mukapope pa msika."

Kucheza kwa m'mawa kunkathera pomwepo. Madzulo Dyness akafika, mwamuna wake ankakhala atasamba kale, akudikira njinga yomweyo. Ngakhale tsiku lopuma silinkagwirizana, chifukwa aliyense ankapuma tsiku limene papezeka womulowera m'malo. Anakhala choncho zaka ziwiri, kuyambira mwezi umene anadalitsa ukwati wawo kutchalitchi.

Lachiwiri lina kumayambiriro kwa Okutobala, manijala wa bekaleyo, mayi Kulusumu, mwana wamkulu wa a Mubarak, anatuluka muofesi atanyamula mapepala. Aliyense anamupatsa lake, lina anakhoma pakhoma pafupi ndi mpopi wosambira m'manja, ndipo a anthu a usiku anawaika pa thumba la ufa, mwala pamwamba. Dyness anayamba wagulitsa mabanzi kwa amayi awiri amene anali pamzere, kenaka anapukuta manja n'kutambasula kalatayo. Inali yotere:

"Kwa antchito nonse,

"Ndikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Novembala ndandanda wa ntchito usintha. Shifiti ya usiku itha. Tikhala ndi magulu awiri a anthu asanuasanu: ophika atatu, wolongedza mmodzi ndi wogulitsa mmodzi. Gulu lina lizilowa 5 koloko m'mawa n'kuweruka 1 koloko masana. Lina lizilowa 12 koloko masana n'kuweruka 8 koloko madzulo. Ola limene magulu onse ali pamodzi ndi losiyirana ntchito. Magulu azisinthana pakatha masabata awiri aliwonse.

"Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, tinkaphika usiku chifukwa magetsi ankathimathima masana. Uvuni watsopano ndi wa gasi, ndipo makina okandira ufa tawalumikiza ku sola. Gulu la masana liziphika buledi wa mawa lake, kuti azizire bwino tisanamuike m'mapepala. Gulu la m'mawa lizipereka buledi kwa ogulitsa apanjinga ndi kuphika mabanzi ndi masikono.

"Chachiwiri, anthu omweomwewo akhala akuchezera zaka ziwiri. Mwezi watha awiri anapsa m'manja ndi mathileyi chifukwa cha tulo. Sindikufuna kudikira ngozi yaikulu.

"Chachitatu, aliyense akhala ndi tsiku lake lodziwika lopuma sabata iliyonse. Ndayesetsa kuti ena apeze Lachisanu, ena Lamulungu, koma sizingatheke kwa onse, chifukwa pa gulu lililonse azipuma munthu mmodzi patsiku. Tsiku la msika palibe wopuma.

"Malipiro sasintha. Oweruka 8 koloko galimoto ya buledi iziwatula kufupi ndi kwawo. Amene akufuna kusintha gulu apeze mnzake wa ntchito yofanana, ndipo onse awiri abwere kuofesi pasanafike pa 20 Okutobala. Maina ali kuseri.

"Ndine, Kulusumu Mubarak, Manijala."

Dyness atafika pa mawu akuti shifiti ya usiku itha, anakuwa mpaka mwamuna wina amene ankasankha masikono anadzidzimuka. Anawerenganso mzerewo kawiri. Kenaka anatembenuza pepala. Gulu loyamba: Hashimu, Nasoni, ndi ena, wogulitsa Esnart. Gulu lachiwiri: dzina lake linali pansi penipeni, litatsatana ndi la Mavuto wolongedza buledi.

Anakhala pa kreti ya mabotolo, pepala lili pamwendo. Usiku Nasoni azigona kunyumba, chimenecho chinali chachikulu ndithu. Koma iye akamalowa, mwamuna wake aziweruka. Wina azidzuka nkhuku zisanatsike, wina azifika kutada. Ndipo tsiku lopuma, Nasoni anamulembera Lamulungu, iye Lolemba.

Madzulo anapalasa njinga ngati akuthamangitsidwa. Anapeza Nasoni atakhala pakhonde akumanga zingwe za nsapato.

"Tawerengani iyi musananyamuke," anatero, akupuma mwaphuma.

Nasoni anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atamaliza anaseka, n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Ndiye kuti ndizigona usiku ngati munthu! Mayi, ine ndinaiwala kuti kulota usiku kumakhala bwanji."

"Tatembenuzani."

Anatembenuza, anayang'ana maina, nakanda kumutu.

"Aa, komabe atithandiza. Tisachulutse zonena."

"Kalata yanena kuti wofuna kusintha apite kuofesi."

"Kodi munthu wakuchotsa usiku, iwe n'kupitanso kukadandaula? Aziti ndife osayamika. Ndiponso mwina anachita dala. Malo ena safuna mwamuna ndi mkazi wake pa shifiti imodzi."

"Ngati anachita dala akandiuze okha ndi pakamwa pawo."

Nasoni anali munthu wofatsa, woti pa msonkhano wa mphakati amakhala kumbuyo n'kumangogwedeza mutu. Anatenga njinga, nayenda nayo pang'ono, kenaka anaima.

"Mukapita, musakatchule kuti ndakutumani ndine."

"Simunanditume."

"Komatu mukandiuze zimene akayankhe," anatero, n'kukwera.

Wa ntchito yofanana ndi Dyness analipo mmodzi yekha, Esnart, amene ankaima naye pakauntala tsiku lililonse. Esnart anali wamkulu pang'ono, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anamwalira zaka zisanu zapitazo. Anali wanthabwala, koma akakana chinthu ankakana ndithu. Dyness anaganiza kuti gulu loyamba ndi lokoma, popeza muli a Hashimu, wophika wamkulu wosakalipa, ndipo Esnart sangalisiye chabe. Masiku atatu anayesa kuyambitsa nkhaniyo, koma nthawi zonse pankabwera wogula, kapena mawu ankamuthawa. Anaonanso kuti Esnart naye wasintha. Ankamuyang'ana m'mbali, akayamba kulankhula n'kumeza mawu, ndipo tsiku lina anamupukutira mbali yake ya kauntala osapemphedwa.

Loweruka Dyness anakazinga mtedza wa m'munda mwawo, nasinja chiponde chodzaza botolo. Nthawi ya nkhomaliro anaitana Esnart kuseri kwa bekale, pamthunzi wa malo oimikapo galimoto. Esnart anabwera atanyamula jumbo.

"Asisi, ndakusungirani kachiponde aka, mukapatse ana," anatero Dyness.

Esnart anayang'ana botolo, nayang'ana jumbo lake.

"Inenso ndakutengerani mango oyamba a mtengo wa kwathu. Sindinapatseko wina aliyense."

Anapatsana, aliyense n'kutsala atagwira mphatso ya mnzake.

"Pali nkhani, eti?" anafunsa Esnart.

"Ilipo. Inunso muli nayo?"

"Yambani inu."

"Ayi, akulu ndinu."

Esnart anasuzumira kukhomo, natsitsa mawu.

"Ndimati ndikupempheni, ngati simukhumudwa, kuti tisinthane magulu. Ndikudziwa kuti inu ndi a Mbewe munazolowera kusinthana, mwina pali chifukwa chanu, koma ine..."

Sanamalize. Dyness anaseka mpaka anagwira tayala la galimoto, mango awiri n'kugubuduka pansi.

"Chiponde ichi ndasinja mpaka manja kutupa kuti ndikupempheni zomwezo!"

Esnart anakhala pansi ndi kuseka, akupukuta misozi ndi epuloni. Patapita nthawi Dyness anatola mango, nafunsa kuti m'gulu lachiwiri muli chiyani chimene Esnart wachikonda chotere.

Esnart anayamba kuchotsa ulusi umene panalibe pa chitenje chake.

"Muli a Mavuto."

"A Mavuto olongedza? Amene amangoti 'zikomo' tsiku lonse aja?"

"Amalankhulatu akakhala panjira. Chaka chatha chonse akhala akundiperekeza. Kwa amalume anapita kale. Timati tinene ikatha Khirisimasi. Ndiye kalata ija itabwera, usiku wake sindinagone. Koma musauze munthu."

"Pakamwa panga ndatseka," anatero Dyness, koma nkhope yake inkaoneka kuti nkhaniyo ikumutentha.

Lamulungu madzulo Dyness anapempha Nasoni kuti Lolemba m'mawa asabwerere kunyumba, adikire pa bekale mpaka ofesi itatsegulidwa. Iye anayenda wapansi njira yonse. Anamupeza atakhala pa benchi panja, maso ofiira, chipewa chili m'manja.

"Ine ndikangokhala kumbuyo," anachenjeza Nasoni. "Olankhula ndinu."

Ofesi ya mayi Kulusumu inali kachipinda kodzaza makatoni a yisiti, ndipo mipando ya alendo inalipo iwiri yokha. Dyness ndi Esnart anakhala, Nasoni anaima pafupi ndi chitseko. Mayi Kulusumu anakonza mpango wa kumutu, namvetsera Esnart akufotokoza kuti agwirizana kusinthana.

"Zimenezo n'zosavuta, ntchito yanu ndi imodzi," anatero. Kenaka anayang'ana Dyness. "Koma mwandidabwitsa. Ine ndinakusiyanitsani dala, poganiza kuti ndikukuthandizani. Ndimati mumafuna kuti wina azikhala pakhomo nthawi zonse, kuyang'anira ziweto ndi munda. Zaka ziwiri simunanenepo kanthu."

"Tinkaona ngati sizinenedwa, abwana."

"Ndiye pakhomo pazikhala ndani?"

"Nkhuku zikhala zokha, si ana. Ndipo anawo abwera bwanji? Apongozi anga atopa kufunsa. Mwezi watha ananditumizira mizu yoti ndizimwa. Ndinawayankha kuti amayi, vuto si mizu, vuto ndi lakuti mwana wanu ndimakumana naye pa mlatho."

Esnart anabisa nkhope m'manja. Mayi Kulusumu anaseka mpaka bolopeni inagwa patebulo. Nasoni anayang'ana kudenga, akupotokola chipewa chake.

Atapuma, manijala anatenga pepala la ndandanda, nalondola ndi chala.

"Mudziwe kuti mukasinthana gulu, mwasinthananso tsiku lopuma. A Esnart atenga Lolemba. Inu a Dyness mutenga Lachitatu. A Mbewe awo ndi Lamulungu. Kuntchito muzibwera limodzi, koma kupuma muzipuma padera."

Dyness anali asanaganizire zimenezo. Anati ayankhe kuti palibe kanthu, zimene apeza n'zokwanira, koma kumbuyo kwake kunamveka kutsokomola.

"Abwana," anatero Nasoni, "Lamulungu langalo ndikhoza kulibweza. Mundipatse Lachitatu."

Onse anatembenuka.

"Lamulungutu anthu akulilirira, a Mbewe. Ndinakupatsani chifukwa mwavutika nthawi yaitali usiku. Nanga kutchalitchi?"

"Masabata amene tikulowa masana, Misa ya m'mawa tizipita, tonse awiri. Masabata enawo tizipemphera kumphakati madzulo. Ine kukhala ndekha pakhomo ndakhala mokwanira."

Dyness anamuyang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba. Mayi Kulusumu anagogoda tebulo ndi bolopeni.

"Vuto ndi lamulo langa lomwe. Mukapuma nonse Lachitatu, gulu loyamba litsala ndi anthu atatu. Wogulitsa akapuma, pakauntala pamaima wolongedza, ophika n'kumalongedza okha. Ophika awiri sangakwanitse uvuni ndi kulongedza komwe. Sindikulonjeza. Mundipatse masiku awiri, ndilankhule ndi a Hashimu."

Masiku awiriwo Dyness anagulitsa khutu lili kuofesi. Chitseko chikangolira, ankatembenuka. Nasoni naye anayamba kudandaula kuti mwina analankhula mopyola. Lachitatu masana mayi Kulusumu anabwera okha kukauntala, naima pambali pa Dyness mpaka wogula womaliza atachoka.

"A Hashimu akuti Lachitatu ndi tsiku lopepuka, ophika awiri akwanira bola wolongedza asachoke pamalo pake. Ndipo Lamulungu masikono amatha msanga anthu akatuluka m'matchalitchi, ndiye a Mbewe akakhalapo zitithandiza. Chatsala ndi kauntala." Anatsegula kabati ya magalasi, nakonza mabanzi amene anapendekeka. "Pano ndiziima ndine Lachitatu lililonse. Bambo anandiyambitsira pompano ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Muofesi muja ndimangonenepa."

Dyness anagwada pomwepo, kuseri kwa kauntala, nawomba m'manja.

"Dzukani, ogula aziti ndakuchotsani ntchito," anatero mayi Kulusumu. "Tiyesa miyezi itatu. Zikavuta tidzakhalanso pansi. Ndipo mukakangana kunyumba, mkanganowo muziusiya pa geti."

Ndandanda wokonzedwa unakhomedwa pa 21 Okutobala. Anthu anaunjikana pa mpopi kuwerenga. Wophika wina wa gulu lachiwiri anafunsa mokweza chifukwa chimene Esnart wachokera m'gulu la a Hashimu, ndipo Mavuto, amene anali kumanga mapepala a buledi pakona, anagwetsa mpukutu wonse. Pofika madzulo panalibe amene sankadziwa za Esnart ndi Mavuto, ngakhale Dyness analumbira kuti iye sananene kanthu. A Hashimu anamugwira Mavuto paphewa n'kumuuza kuti keke ya ukwati adzaphika okha, asadzayerekeze kukagula ku Lilongwe.

Pa 1 Novembala gulu loyamba linayamba ndi shifiti ya m'mawa. Aka kanali koyamba kuti Dyness aone mwamuna wake akugwira ntchito. Apanjinga atatenga buledi wawo n'kubalalika, anasuzumira pa kawindo kopatsirana mathileyi. Nasoni amene ankamudziwa, woyenda mozemba ndi wolankhula motsitsa, sanali m'menemo. Uyu ankadula mtanda osayang'ana, n'kuponya pa sikelo, muyezo n'kukhala womwewo. Ankaumba mabanzi awiri nthawi imodzi, dzanja lililonse lake. Ndipo ankaimba, mokweza, nyimbo zopeka yekha zonena a Hashimu ndi ndevu zawo, a Hashimu n'kumavomera ndi mawu a besi akutsegula uvuni.

"Kodi amaimba chonchi masiku onse?" Dyness anafunsa a Hashimu atabweretsa thileyi ya masikono.

"Zaka ziwiri, mayi. Popanda nyimbo za amuna anuwa tikanagona tonse pa ufa. Kunyumba saimba?"

"Kunyumba ndimangomva mkonono, ndipo nawonso ndaumva sabata ino."

Sikuti zonse zinayenda bwino. Thupi la Nasoni linakana kusintha msanga. Pofika 11 koloko ankayasamula mpaka misozi, ndipo tsiku lachitatu anagona ataimirira, atatsamira thumba la shuga, mpaka a Hashimu anamuwaza madzi. Kunyumba anapeza kuti pali zinthu zambiri zimene sankadziwana. Nasoni ankathira mchere ndiwo asanalawe. Dyness ankatsegula wailesi mokweza akamasesa. Anakangana za malo oika beseni, mkangano wawo woyamba weniweni, ndipo pakati pa mkanganowo Dyness anayamba kuseka.

"Mukuseka chiyani?" anafunsa Nasoni atakwiya.

"Tapeza nthawi yokangana, a Mbewe."

Mvula yoyamba yeniyeni inagwa Lachiwiri la sabata yachiwiri, kuyambira masana mpaka madzulo, ndipo Lachitatu kunacha nthaka itafewa bwino. Anatenga khasu, ndowa ya mbewu ya mtedza ndi botolo la thobwa, napita kumunda kwawo kuseri kwa dambo. Minda yoyandikana nayo inali yodzaza kale ndi anthu. Nasoni ankatsogola akutema mapando pamzere, Dyness akutsatira, kuponya njere ndi kukwirira ndi phazi.

Mayi wina wa munda wa kumtunda anaweramuka, naika dzanja pachipumi.

"A Dyness! Mwalemba waganyu chaka chino?"

"Ndi abambo akunyumba awa!"

"Ee? Ndiwo amenewa? Tabwera nawoni kuno tiwaone bwino!"

"Timalize kaye mzere uno," anayankha Dyness. Kenaka anauza mwamuna wake motsitsa kuti mapando ake atalikirana kwambiri, mtedza sabzala ngati chimanga.

Nasoni anayang'ana m'mbuyo, navomera kuti ndi zoona, nabwerera kukayambiranso kumayambiriro kwa mzere.